Kalata yotsatsa mayunifolomu kwa aphunzitsi aakulu: mitengo ndi masiku zilembedwe bwanji?

Funso: Ndine mayi wosoka zovala. Ndili ndi makina atatu ndi atsikana awiri ondithandiza. Sukulu ina ya pulayimale ili ndi ana 240, ndipo ndikufuna kulembera aphunzitsi aakulu kuti azigula mayunifolomu onse kwa ine. Ndinalembapo kalata kusukulu ziwiri koma palibe anandiyankha. Ndilembe motani kuti mitengo ndi za kaperekedwe ka katundu zimveke bwino?

Yankho:

Mayi, makalata anu awiri aja sindinawaone, koma ndawerenga ambiri otere moti ndikhoza kuganizira mmene analili. Ambiri amayamba ndi mbiri ya wosokayo, kenako amati amasoka zolimba pa mtengo wabwino, n'kumaliza ndi mawu akuti tidzakambirana. Aphunzitsi aakulu akawerenga kalata yotere amasowa choti achite nayo ngakhale atakukondani chotani, ndiye amangoyiika m'dirowa.

Amatero chifukwa m'sukulu zambiri aphunzitsi aakulu sagamula okha nkhani ya ndalama. Pamakhala komiti ya sukulu, oimira makolo, wosunga ndalama, ndipo ngati sukuluyo si yaboma pamakhalanso mwini wake. Kalata yanu idzawerengedwa pamsonkhano inu kulibe, mwinanso pambali pa makotesheni a atelala ena awiri kapena atatu. Kholo lina lidzafunsa kuti diresi la mwana wamkulu thupi ndi ndalama zingati. Wina adzafunsa kuti katunduyo afika sukulu isanatsegulidwe kodi. Wosunga ndalama adzafuna kudziwa kuti alipire zingati poyamba. Aphunzitsi aakulu akasowa mayankho amenewa papepala lanu, amene achite manyazi pamaso pa anthu ndi iwowo, ndipo sadzafunanso kubweretsa dzina lanu pamsonkhano wina. Choncho polemba muzikumbukira anthu amenewa, ndipo kalatayo iyankhe mafunso awo onse popanda inu.

Musanagwire cholembera, yambani ndi masamu, chifukwa mtengo ukangolembedwa n'kusainidwa simungausinthenso. Ndikuonetsani ndi malaya amodzi a mnyamata, a manja aafupi, sayizi yapakati. Manambala a ndalama amene ndigwiritse ntchito pano ndangowaika kuti masamu aoneke. Inu mudzaike mitengo yeniyeni imene mukugulira zinthu lero.

Pansalu yotambalala masentimita 150, malaya otere amadya pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Ngati mita ndi 2,000, nsalu yokha yatenga 2,400. Mabatani, ulusi ndi cholimbitsira kolala tiike 400. Malipiro a wosoka, 1,200, ndipo malipiro amenewa muziwerengera ngakhale pamene mwasoka ndinu nomwe, chifukwa thukuta lanu si laulere. Magetsi, kusita ndi pepala lokutira, 300. Tafika pa 4,300. Onjezani 200 ya nsalu yotayika podula ndi zovala zimene mudzafunike kusokanso, ndi 100 ya gawo la malayawa pa ndalama yonyamulira katundu. Ndiye kuti malaya amodzi akutuluka m'manja mwanu pa 4,600. Mukagulitsa pa 5,500, phindu lanu ndi 900.

Nambala ya 900 imeneyi muziyikumbukira pamene nkhani yochotserako mtengo yabwera, chifukwa imabwera ndithu. Munthu akamva kuti mwachotsa 10 pa 100 iliyonse amaona ngati n'zochepa. Koma 10 pa 100 ya 5,500 ndi 550, ndipo 550 imeneyi sichoka pa nsalu kapena pa mabatani, imachoka pa phindu lanu lokha. Pa 900 mwatsala ndi 350, kutanthauza kuti phindu loposa theka lapita pomwe ntchito ndi yomweyo. Mukachotsa 5 pa 100, mwachotsa 275 ndipo mwatsala ndi 625, yomwe ndi yopiririka pa oda yaikulu. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti kuchotsera kulembedwe m'kalata momwemo, pamodzi ndi chiwerengero cha zovala chimene kuchotserako kukuyambira. Mukadzilembera nokha malire, komiti imakambirana mkati mwa malire anuwo. Mukasiya poyera, adzakuuzani okha mtengo umene akufuna.

Pa mitengo pali msampha umene unandigwira ine ndemwe, ndipo sindifuna kuti ukugwireni. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinalembera sukulu ina mtengo umodzi wa diresi, osatchula sayizi. M'mutu mwanga ndinkati ana aang'ono adzalipirira nsalu ya ana aakulu, zonse zidzalingana. Mndandanda utabwera, ndinapeza kuti makolo a ana aang'ono ambiri anali atagula kale kwina, ndipo oda yanga inadzaza ndi atsikana a makalasi akumapeto. Ndikukumbukira usiku umenewo nditaimirira pathebulo lodulira, tepi ili m'khosi, ndikuyala nsalu n'kuona mpukutu ukutha madiresi 30 asanadulidwe. Ndinakagula nsalu ina ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Sukuluyo sinalakwe kanthu, inangotsatira zimene ndinalemba. Kuchokera tsiku limenelo mtengo ndimaugawa m'masayizi atatu, ndipo sayizi iliyonse ndimaifotokoza ndi muyezo wa pachifuwa m'masentimita. Zaka za mwana sindizidalira, chifukwa ana awiri a zaka 10 akhoza kusiyana thupi ngati mwana ndi mchemwali wake. Mawu akuti yaing'ono, yapakati ndi yaikulu nawonso paokha sathandiza. Yapakati ya telala mmodzi ndi yaikulu kwa mnzake.

Tsopano nsalu. Musalembe kuti nsalu yabwino kwambiri, poti aliyense amalemba choncho. Itchuleni. Nsalu yodziwika ya mayunifolomu ndi yosakaniza poliyesitala ndi thonje, ndipo msakanizo wofala ndi magawo 65 a poliyesitala ndi 35 a thonje. Imauma msanga, sikwinyika kwambiri, ndipo sichepa kwenikweni ikachapidwa monga imachitira ya thonje lokhalokha. Ngati imeneyi ndi imene mukugwiritsa ntchito, lembani choncho, ndipo mumate kachidutswa kake pakalatapo. Kuposa apo, tumizani chitsanzo chosokedwa kale cha chovala chilichonse. Ine chitsanzo ndimayamba ndachichapa kangapo ndisanatumize, n'kunena m'kalatamo kuti chachapidwa, kuti komiti ione yokha ngati utoto ukuchucha kapena kusuluka. Ndaonapo mayi wina wa m'komiti akutembenuza malaya kunsi, kukoka msoko wa m'khwapa ndi manja awiri, kenako n'kugwedeza batani ndi chala. Zimene anapeza pamenepo zinalankhula kuposa ndime iliyonse ya kalata yanga. Oda ikavomerezedwa, chitsanzo chimodzi chisainidwe pa lebulo ndi mbali zonse ziwiri, chikhale kusukulu. Tsiku lolandira katundu, pakabuka mkangano wa mtundu kapena kasokedwe, chitsanzo chosainidwacho ndi chimene chimaweruza.

Nkhani ya nsaluyi ndi imene imafotokozanso chifukwa chake mufunika dipoziti, ndipo ndi bwino kulemba chifukwacho m'kalata. Nsalu ya mtundu umodzi yonyikidwa mu utoto pa nthawi zosiyana simafanana ndendende. Mukagula theka lero, theka lina pakatha masabata atatu, mukhoza kupeza kuti buluu wake wasiyana pang'ono. M'shopu simungaone bwino, koma ana akafola pamzere m'mawa dzuwa likuwala, kusiyanako kumaonekera patali. Choncho nsalu ya oda yonse iyenera kugulidwa nthawi imodzi. Tiwerengere sukulu yanuyo, tiyerekeze kuti anyamata ndi 120, atsikananso 120. Malaya 120 pa mita 1.2 ndi mamita 144. Makabudula 120 pa mita 0.8 ndi mamita 96. Madiresi 120 pa mita 1.8 ndi mamita 216. Zonse pamodzi mamita 456, ndipo tikawonjezera ya padera tifika pa mamita 480. Pa 2,000 mita imodzi, ndi 960,000 imene iyenera kutuluka singano isanalowe n'komwe pansalu. Telala wa makina atatu mpamba wotere sakhala nawo chogona, ndipo mukakakongola kwa wobwereketsa pa chiwongoladzanja, phindu lija lathera komweko. Dipoziti ya theka la mtengo wonse, monga muonere m'munsimu, imakwanira nsaluyi n'kutsalako pang'ono ya mabatani ndi ulusi. Aphunzitsi aakulu akauzidwa kuti dipoziti ndi yogulira nsalu yonse pamodzi kuti mtundu ufanane, amakhala ndi choti akauze komiti.

Pa masiku ndi pamene atelala ambiri amadzimangirira okha chingwe. Amalemba kuti tidzabweretsa pakatha masabata awiri pofuna kusangalatsa, osawerengera. Werengerani chonchi. Zovala zonse ndi 360. Ngati makina amodzi amatulutsa zovala 6 patsiku, atatu akutulutsa 18, ndiye kusoka kokha ndi masiku 20. Kugula nsalu, masiku 2. Kudula, masiku 3. Kuyang'ana chovala chilichonse, kudula tiulusi totsalira, kusita ndi kulongedza, masiku 2. Akwana 27. Ikani 3 ena oti mwina makina awonongeka kapena mtsikana mmodzi wadwala. Ndiye lembani masiku 30 ogwira ntchito, omwe ndi masabata 6 ngati mumagwira masiku 5 pa sabata. Nambala ya 6 patsikuyo musatenge yanga. Yang'anani m'buku lanu kuti sabata yatha munasoka zingati, osati zimene mukanasoka zinthu zonse zikanayenda bwino.

Chofunika kuposa chiwerengero cha masikucho ndi kunena tsiku limene kuwerenga kukuyambira. Mukangolemba kuti masiku 30, sukulu idzayamba kuwerenga tsiku limene inakuuzani pafoni kuti tavomera. Koma dipoziti ikhoza kubwera patatha masabata awiri, mndandanda wa masayizi n'kubwera patatha sabata ina. Inu mudzakhala mutangokhala, koma kusukulu adzati mwachedwa. Lembani momveka kuti masiku ayamba kuwerengedwa tsiku limene mwalandira zinthu ziwiri, dipoziti ndi mndandanda wa masayizi wosainidwa. Ndipo muwathandize kuwerenga chobwerera: ngati akufuna katundu teremu isanayambe, atsimikize oda pofika tsiku lakutilakuti. Chiganizo chimenechi chimawapatsa chifukwa choyankhira msanga popanda inu kuwakakamiza.

Palinso funso limene muyenera kuliyankha m'kalata lisanafunsidwe, lakuti wogula weniweni ndani. Sukulu zina zimagula katundu yense n'kumagulitsa kwa makolo. Zina zimangoti sokani, makolo azidzagula okha kwa inu. Njira yachiwiriyi imaoneka ngati oda yaikulu, koma ndi kugulitsa chimodzichimodzi mutasenza nokha katundu wa 360. Makolo ena sabwera, ena amabwera teremu ili pakati, ndipo yunifolomu ya mtundu wa sukulu imodzi simungakaigulitse kwina. Mitengo yopikulitsa ikhale ya pamene sukulu ndi imene ikuoda ndi kulipira. Ngati akufuna njira inayo, imeneyo ndi nkhani ina, ya mitengo inanso.

Nayi kalata yonse mmene ine ndingailembere. Pamwamba kumanja ikani dzina la bizinesi yanu, adiresi, nambala ya foni ndi tsiku. Kumanzere m'munsi mwake lembani Aphunzitsi Aakulu, dzina la sukulu ndi adiresi yake. Dzina la sukulu mulilembe molondola, funsani ngati mukukayika, chifukwa kulilakwitsa kumaonetsa kuti ndi kalata yongomwaza paliponse.

Okondedwa Aphunzitsi Aakulu,

MITENGO YA MAYUNIFOLOMU A ANA A SUKULU YANU

Ndikulemba kuti ndikudziwitseni mitengo ndi ndondomeko yanga yosokera mayunifolomu a ana a sukulu yanu ambiri nthawi imodzi. Ndili ndi makina atatu ndi antchito awiri, ndipo ndikhoza kusoka zovala 360 m'masiku 30 ogwira ntchito. Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza zitsanzo zitatu, malaya, kabudula ndi diresi, zomwe zachapidwa kale katatu kuti muone mmene nsalu ikukhalira. Nsaluyi ndi ya magawo 65 a poliyesitala ndi 35 a thonje.

Masayizi ndi atatu, potengera muyezo wa pachifuwa cha mwana: yaing'ono mpaka masentimita 68, yapakati kuyambira 69 mpaka 78, yaikulu kuyambira 79 mpaka 88. Makabudula atsatira sayizi ya malaya a mwanayo, ndipo ali ndi lasitiki m'chiuno.

Mtengo wa chovala chimodzi:
Malaya a manja aafupi: yaing'ono 4,800, yapakati 5,500, yaikulu 6,200
Kabudula: yaing'ono 4,200, yapakati 4,800, yaikulu 5,400
Diresi: yaing'ono 7,000, yapakati 8,000, yaikulu 9,000

Mitengoyi ndi ya oda ya zovala zosachepera 100, yooda ndi kulipira sukulu. Oda ikafika zovala 300 kapena kuposa, ndichotsa 5 pa 100 iliyonse. M'mitengoyi muli nsalu, kusoka, kulongedza ndi kubweretsa katundu pasukulu. Baji mulibe, koma sukulu ikandipatsa mabaji ake ndidzawasokerera kwaulere. Mwana wopitirira masentimita 88 ndidzamuyeza payekha n'kupereka mtengo wake.

Mwachitsanzo, mukaoda malaya 120, makabudula 120 ndi madiresi 120, zovala 40 pa sayizi iliyonse, malaya akwana 660,000, makabudula 576,000, madiresi 960,000. Zonse pamodzi 2,196,000. Tikachotsa 109,800, yolipira ndi 2,086,200.

Malipiro ali pawiri. Theka, lomwe pachitsanzochi ndi 1,043,100, liperekedwe potsimikiza oda, kuti ndigule nsalu yonse nthawi imodzi mtundu ufanane. Theka lotsala liperekedwe pasanathe masiku 7 chilandirireni katundu. Ndalama zonse zidzera ku akaunti ya bizinesi, ndipo ndipereka lisiti m'dzina la sukulu.

Masiku 30 aja ayamba kuwerengedwa tsiku limene ndalandira dipoziti ndi mndandanda wa masayizi wosainidwa. Ndine wokonzeka kubwera kudzayeza ana pasukulu pa tsiku limene mungasankhe, popanda malipiro. Katundu adzabwera m'makatoni olembedwa kalasi, mtundu wa chovala, sayizi ndi chiwerengero, ndipo tidzawerenga limodzi ndi amene mungamusankhe, n'kusainirana. Chovala chilichonse cholakwika kasokedwe, kapena chosiyana ndi chitsanzo, mukandidziwitsa pasanathe masiku 14 ndidzachikonza kapena kuchisintha kwaulere m'masiku 7. Ndikachedwa kubweretsa katundu pa chifukwa chochokera kwa ine, ndidzachotsa 1 pa 100 ya ndalama yotsala pa sabata iliyonse yochedwa.

Mitengoyi igwira ntchito kwa masiku 30 kuchokera pa tsiku la kalatayi. Ngati mukufuna katundu teremu ikubwerayi isanayambe, ndikupempha kuti oda itsimikizike pofika pa (tsiku ndi mwezi). Ndidzakuimbirani foni Lachinayi likudzali kuti ndimve ngati zitsanzo zafika, komanso ngati mungalole kuti ndidzaonekere kwa mphindi 15 pamsonkhano wa komiti.

Ine wanu,
(siginecha, dzina lanu ndi udindo wanu)

Muona kuti mbiri yanu yatenga chiganizo chimodzi chokha, ndipo nacho chikunena za mphamvu zanu pa ntchito. Ngati pali sukulu ina imene munaisokerapo ndipo inakhutira, pemphani chilolezo kwa aphunzitsi aakulu ake kuti muitchule, muwonjezere chiganizo chimodzi. Popanda chilolezo musatchule. Ngati simunasokerepo sukulu iliyonse, osadzipangira mbiri yabodza ayi, chifukwa aphunzitsi aakulu amadziwana ndipo amafunsana. Zitsanzo zanu zikuimirani.

Ndime ya chitsanzo cha masamu ija ena amaiona ngati yongotalikitsa kalata. Ine ndimaiona kuti ndi imene imagwira ntchito yaikulu pamsonkhano. Wosunga ndalama akafunsa kuti zonse zikwana zingati, yankho lilipo kale, palibe wotulutsa foni n'kuyamba kuwonkhetsa pamaso pa anthu. Koma muwonkhetse kawiri musanatumize. Kulakwitsa kumodzi pa masamu kumachititsa kuti manambala ena onse akayikiridwe. Mukumbukirenso kuti 40 pa sayizi iliyonse ndi chitsanzo chabe. Mndandanda weniweni ukabwera, lembani invoisi yatsopano yotsatira chiwerengero chenichenicho.

Kudzipereka kukayeza ana nokha kumaoneka ngati ntchito yowonjezera, koma kumakutetezani. Aphunzitsi akalemba masayizi mongoyang'ana ndi maso, mudzalandira katoni yonse ya zovala zobwezedwa zoti zathina, ndipo mkangano udzakhala woti walakwa ndani. Poyezapo muziyeza pamwamba pa chovala chopyapyala, tepi isathine, ndipo atsikana ayezedwe ndi mayi, mphunzitsi ali pomwepo. Mwana amene muyezo wake wagwera kumapeto kwa sayizi, monga masentimita 68 kapena 78, mukambirane ndi sukulu zomukweza ku sayizi yotsatira, poti akukula. Chiganizo cha masiku 14 chija chikunena za cholakwika cha kasokedwe. Chovala chimene mwana wavala sabata ziwiri n'kuching'amba pamasewero sichili m'gulu limenelo, ndipo ngati mukuona kuti pangakhale kusamvana, wonjezerani mawu akuti chovalacho chikhale chosavalidwa.

Za chilango cha kuchedwa, ndikudziwa kuti mwina mtima wagunda mutawerenga. Simukakamizidwa kuchilemba. Koma taonani kukula kwake: 1 pa 100 ya 1,043,100 ndi 10,431 pa sabata. Ndi ndalama yoti mukhoza kuipirira, pomwe kwa aphunzitsi aakulu ndi umboni woti tsiku lanu mwaliganizira. Mantha awo aakulu ndi oti atolere ndalama za makolo, apereke dipoziti, sukulu itsegulidwe ana alibe yunifolomu, telala sakuyankha foni. Ambiri zinawachitikirapo kapena anamva kwa anzawo. Chiganizo chimenechi chimayankha mantha amenewo. Chilembeni pokhapokha ngati masiku anu mwawerengera moona, ndi atatu apadera aja.

Malire a masiku 30 pa mitengo musawaiwale. Mtengo wa nsalu umasintha, ndipo sukulu ikhoza kusunga kalata yanu miyezi 5 n'kudzakuitanani kuti tavomera pa mitengo ija. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa kuti izitolera msonkho pa zogulitsa, nenani ngati msonkhowo uli kale m'mitengo kapena uwonjezeredwa, chifukwa nambala yotulukira pa invoisi yokha imawononga ubale kuposa mtengo wokwera umene unanenedwa poyamba.

Chinthu china ndikuchinena ndi mtima wonse. M'kalata kapena pakamwa, musalonjeze aphunzitsi aakulu kangachepe kawo. Ena adzakuuzani kuti ndi mmene oda imapezekera. Mukatero mwaika ntchito ya munthuyo pangozi, mwaikanso dzina lanu m'manja mwa aliyense amene angadzamve, ndipo ndalamayo pamapeto pake imachoka m'thumba la kholo. Ngati mukufuna kuonetsa kuyamikira, chitani poyera: lembani kuti pa oda ya zovala 300 mudzawonjezera mayunifolomu 5 aulere oti sukulu ipatse ana osowa. Muwawerengere kaye pa masamu anu, kenako alembedwe pa invoisi kuti aliyense aone. N'chifukwa chomwechonso ndalama zidzere ku akaunti ya bizinesi ndipo lisiti likhale m'dzina la sukulu. Zimenezi zimateteza aphunzitsi aakulu owongoka, amene amafuna kuti aliyense akafunsa apeze mapepala ali bwino.

Kalatayi itayipidwe, ndipo isapitirire masamba awiri. Ikatalika, chotsani mitengo muiike pa tsamba lakelake lomatidwa kumbuyo, kuti athe kulijambula n'kugawira a komiti. Kaperekeni nokha ku ofesi pamodzi ndi zitsanzo, mutenge makope awiri, imodzi akudindireni kapena akusainireni kuti alandira. Nthawi yabwino ndi pakati pa teremu, pamene mapulani a teremu yotsatira akukonzedwa. Sabata yotsegulira ndi sabata ya mayeso aphunzitsi aakulu sakhala ndi mpata, ndipo ngati masiku anu ndi 30 ogwira ntchito, kalata yofika kutatsala masabata awiri kuti atsegulire yachedwa kale.

Lachinayi limene mwalemba lija likafika, imbani ndithu, ngakhale mukuchita mantha. Imeneyi ndi ntchito yoyamba imene mwalonjeza, ndipo akuona ngati mumasunga tsiku. Akakuuzani kuti ali naye kale wowasokera, musanyoze mnzanuyo. Funsani mwaulemu kuti mgwirizano wawo utha liti, ndiponso ngati pali zina zimene sakuwasokera, monga zovala zamasewero kapena maepuloni a ophika. Akati mitengo yakwera, funsani kuti akuyerekeza ndi nsalu yanji ndi sayizi iti, chifukwa nthawi zambiri mtengo wotsikawo umakhala wa sayizi yaing'ono yokha kapena ulibe ndalama yonyamulira. Ndipo akati akufuna ayambe akuyesani, vomerani oda ya kalasi imodzi kapena awiri, bola zovala zifike 100, pa mitengo yosachotsera ija. Sukulu ziwiri zimene sizinakuyankheni zija muzilemberenso kalata yatsopanoyi, iliyonse ndi chiwerengero cha ana ake ndi mtundu wa nsalu yake.